Pepala lomwe alamu anajambula theka

Achemwali anga aakulu timawatcha Zimatengera. Dzinali anawapatsa ndi malume, tsiku lina atatopa nawo. Muwafunse ngati shuga wanu wakwera, ayankha kuti zimatengera ngati munali mutadya. Muwafunse za impso, zimatengera zaka zanu. Ine ndinkawaseka kuti tsiku lina tidzawafunsa ngati kunja kwacha, adzati zimatengera.

Agwira ntchito mu labu ya chipatala zaka makumi awiri ndi ziwiri. Chipinda chawo n'chozizira ngati firiji, chonunkha mankhwala opukutira matebulo, ndipo pakona pali makina olira tsiku lonse. Timabotolo ta magazi timabwera m'thireyi, tina tazivindikiro zofiirira, tina zofiira. Iwo satsegula kalikonse asanawerenge dzina kawiri. Kabotolo kopanda dzina amakabweza, ngakhale atakabweretsa ndi dokotala wamkulu. Wodwala samuona. Amaona nambala, ndipo amanena okha kuti nambala si munthu.

Koma abale! Kwa abale athu, munthu wovala gauni yoyera ndi dokotala basi. Foni yawo imadzaza zithunzi: mapepala opindika, ojambulidwa pa bondo, chala chitaphimba pakati. Pansi pake mawu ndi omwewo: "Kodi n'zoopsa izi?" Moni palibe. Zimandinyansa ine, koma iwo amavala magalasi n'kuyamba kufunsa. Pepalali n'la ndani? La liti? Akumva bwanji m'thupi? Adokotala anati chiyani? Anthu amakwiya nawo, ati amanyada ndi sukulu.

Tsono mng'ono wathu, chitsirizira m'nyumba mwathu, anali woyembekezera, miyezi isanu ndi iwiri. Anadikira zaka zisanu ndi chimodzi kuti aone pathupi pamenepa, ndipo tonse tinkayenda chonyang'ama pomuzungulira. Lachisanu lina kusikelo anamupeza bipi itakwerako. Anesi anamutenga magazi, n'kumuuza kuti zotsatira zikatuluka abwere nazo tsiku lomwelo. Mutu unkamuwawa, choncho mwamuna wake anamubweza kunyumba kuti akagone, nati pepalalo akatenga yekha.

Alamu athuwa ndi munthu wa changu pa zonse kupatula zofunika. Pepala anatengadi. Atasuzumira kwa anesi n'kuona mzere wafika pa khonde, anati aaa, ine ndiime pamenepa pomwe m'banja muli wa labu? Anayala pepala pa chiwongolero cha galimoto, n'kujambula, n'kutumizira achemwali pa foni. Chithunzi chinagwira pakati pokha. Kumutu, komwe kuli dzina ndi tsiku, kunalibe. Kumunsi kunalibenso.

Achemwali anachiona nthawi ya nkhomaliro. Anaganiza kuti n'la mng'ono wathu, poti watumiza ndi mwamuna wake. Pa mizere yooneka, umodzi wokha ndiwo unali ndi chizindikiro choti watsika: mlingo wa magazi, 10.2. Analemba kuti: "Ngati ili ndi la mng'ono wanga, magaziwa achepa pang'ono. Kwa woyembekezera zimachitika, pazokha sizoopsa." Anatumiza. Nthawi yomweyo analemba uthenga wachiwiri: "Koma pepalali silikuoneka lonse. Jambulani kumunsi. Anamuyezeranji magazi? Bipi ili bwanji? Mutu, kutupa? Ine sindinganene kuti ali bwino. Bwererani nalo kwa anesi lero."

Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, kusonyeza kuti alamu awerenga. Yankho, zii. Anaimba kawiri, osayankhidwa. Anaimbira mng'ono wathu, foni yozima, mwini wake ali mtulo. Apo n'kuti thireyi ina italowa, makina akulira, ndipo anabwerera ku ntchito ali ndi chikhulupiriro choti munthu wamkulu wawerenga ndipo wamva.

Mukudziwa zomwe anachita alamu? Anatenga uthenga woyamba wokha n'kuuponya pa gulu la banja la pa foni. Pamwamba analemba kuti, "A dokotala athu ati sizoopsa." Azakhali anaika manja opemphera. Malume anati ngakhale Zimatengera wavomera, ndiye kuti zili bwinodi. Ine ndemwe, ndili ku saluni kwanga manja ali m'tsitsi la kasitomala, ndinaika kamtima. Ndikakumbukira kamtima kameneko ndimafuna kulavula. Achemwali pa gulupo anatulukapo kalekale chifukwa cha zithunzi zomwezi, choncho sanaone kanthu.

Loweruka lonse mng'ono wathu anagona ndi mutu. Ankamva kuwawa pansi pa nthiti, kudzanja lamanja, mwamuna wake n'kumati ndi mpweya wa m'mimba. Achemwali anaimbanso m'mawa, alamu n'kuyankha mwachidule kuti zonse zili bwino, akupuma. Sananame kwenikweni, anangosiya kunena kuti kwa anesi sanabwerere. Lamulungu m'mawa mwana wa mayi anga anayamba kuona zinthu ngati nyenyezi, kenaka anagwa m'bafa n'kuyamba kugwedezeka.

Anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo. Iye anapulumuka, mwa mwayi. Kamwana kanali kakamuna, kakang'ono ngati botolo la mafuta odzola. Kanakhala ndi moyo masiku awiri okha.

Pepala lija ndinalipeza ine, m'galimoto, lili lopindidwa pansi pa magalasi a dzuwa a alamu. Ndinapita nalo kwa achemwali pa benchi ya panja pa wodi. Analitambasula, chala chawo chinatsika mpaka mzere wachitatu kuchokera pansi, n'kuima. Mapulateleti, 68. Anandifotokozera kuti ndi tizinthu tothandiza magazi kuundana, ndipo mwa munthu wabwinobwino timayambira pa 150. Nambala imeneyo, mwa mayi woyembekezera wa bipi yokwera ndi mutu wowawa, nesi aliyense akanamugoneka m'chipatala Lachisanu lomwelo. Inali pansi pa pomwe chithunzi chinathera, mpata wosakwana chala chimodzi.

Ndiye mumve za anthu. Kunyumba, titakhala pa mkeka, azakhali anayamba ndi mawu a m'munsi: "Komatu ena anati sizoopsa." Malume anapukusa mutu, ati sukulu yambiri nayo imapusitsa. Alamu ali pakona, maso pansi, kulola kuti mtolo wawo asenze wina. Ndinalanda foni ya achemwali n'kuwerenga uthenga wachiwiri mokweza, liwu ndi liwu, mpaka pa "lero". Azakhali anangoti, "Nanga bwanji sanayambe ndi umenewo?" Ha! Anthu opanda manyazi.

Chomwe chinandipweteka n'chakuti achemwali anavomera. "Akunena zoona," anatero. "Ndinayankha pepala losaoneka dzina. Kabotolo kotero ndikanakabweza." Ndinawakalipira kuti asiye zimenezo, koma sanandimve.

Patapita sabata tinapita awiri kukamuona mng'ono wathu. Tinamupeza kuchipinda, atakhala pa bedi, tizovala ta mwana tili m'beseni pafupi ndi chitseko, tosavalidwa. Anatembenukira kwa achemwali.

"Achemwali, musandinamize. Mukanaona pepala lonse, mwana wanga akanakhala moyo?"

Ine mumtima ndinkangoti nenani kuti ayi, nenani kuti zinali zolembedwa, mwanayu apume. Kapena nenani kuti inde, mlandu ugwere mwini wake. Ndinaona mlomo wawo ukuyamba kupanga liwu lawo lija, n'kulimeza.

"Sindikudziwa," anatero. "Miyezi isanu ndi iwiri, ena amakhala, ena sakhala. Pepala silinena zimenezo. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ndikanavula gauni n'kubwera kudzakunyamula ndekha."

Mng'ono wathu anagwedeza mutu, n'kuwagwira dzanja. Kenaka anawapempha kuti potuluka atenge beseni lija.