Telala ndi Miyendo ya Makina

Telala wa pakhonde la sitolo ya nsalu anasokera makina obwereka zaka khumi ndi zinayi. Mwini wake anali ndi chizolowezi chobwera kudzawasisita pamaso pa makasitomala, ndipo zimenezi zinkamupweteka telala mumtima. Tsono tsiku lina anakafunsa mtengo wa makina atsopano, naulemba ndi msomali pachivundikiro cha chitini, nayamba kusunga.

Kusunga kwake, abale, kunali kwa ulemu. Ndalama iliyonse yapepala ankayamba waisita ndi simbi. Chitinicho anachikulunga m'pulasitiki kuopa chinyezi, nachiika pamwamba pa njerwa kuopa chiswe. Mbava, makoswe, achibale a pamaliro, onsewo anawaganizira.

Mlamu wake, mayi wogulitsa makala, ankangomuseka. Iye akapeza kangachepe ankagula lata limodzi n'kulilowetsa pansi pa bedi.

"Alamu, ndalama masiku ano zikuonda zili m'tulo," anatero mayiyo. "Gulani kanthu kogwirika."

"Inu mukagona mumamveka ngati mvula pamalata," anayankha telala.

Kubanki anapitako kamodzi. Anamuuza kuti pa handiredi iliyonse adzawonjezera eyiti pachaka. Chaka chimenecho ulusi wa handiredi unafika handiredi sate. Telala anaona kuti n'chibwana, nabwerera kuchitini, kumene sankawonjezera ngakhale eyitiyo.

Patatha zaka zisanu, za m'chitini zinakwana ndendende ndi za pachivundikiro. Anavala jekete, nabwereka wilibala.

Wogulitsa makina anawerenga ndalamazo, nayamikira kusalala kwake.

"Koma bambo, mtengo uwu ndi wakalekale. Makinawa timaitanitsa kunja, timalipira ndi ndalama zakunja. Yathuyi yagwa kawiri chilembereni apa. Panopa mufunika zitini zitatu."

"Koma sindinachotsemo ngakhale imodzi."

"Zikuoneka, bambo."

Telala zinamuwawa kwambiri, makamaka poganiza kuti mlamu wake anali atafolera kale nyumba ndi malata a pansi pa bedi aja.

"Nanga zimenezi zingagule chiyani?"

"Miyendo yake, ndi chopondera. Mutu ayi."

"Mawa zigula chiyani?"

"Sindingalonjeze."

"Kwezani pawilibalapo."

Mwezi wotsatira anagula lamba wa makina, kenaka bokosi la masingano. Chitini chija anaikamo mabatani. Za mutu wa makina, anamva kuti m'tauni ina muli wakale wotsikirapo mtengo, koma nawonso sukudikira munthu.

Miyendoyo ili kunyumba, pafupi ndi zenera, pamwamba pake anakhomapo thabwa. Akaweruka kumakina a eni ake, telala amakhala pamenepo n'kumamwa tiyi, phazi lili pachopondera, gudumu likuzungulira bwinobwino.

"Mukusoka chiyani, bambo a ana?" amafunsa mkazi wake.

"Ndikungowazoloweretsa makinawa," amatero telala, osasiya kuponda.