Mphezi ndi Loweruka Lake

Amamutcha Mphezi chifukwa pomwe iye ali pamang'anima. Shedi yake ili kuseri kwa malo ogulitsira matayala: malata otoboka, makina owotcherera olira ngati njuchi zoputidwa, ndi mulu wa zitsulo zomwe amati tsiku lina zidzagwira ntchito. Luso lowotchererali analitola ali mnyamata, akugwirira zitsulo amalume ake, ndipo mikono yake ndi ya mathothomathotho a zipsera. Mageti ambiri amumsewu wawo ndi a manja ake. Koma geti lomwe analiwotcherera ndi mtima wonse ndi la nyumba yomwe sakhalamonso.

Banja litatha, khoti linagamula kuti mwana wawo, kamtsikana kapakamwa komwe bambo ake amakatcha Tsabola, azikhala ndi mayi ake. Mphezi anapatsidwa Loweruka lililonse: kumutenga m'mawa, kumubweza dzuwa lisanalowe.

Vuto lake, Loweruka ndilo tsiku la makasitomala. Ndiye ankamutengera kushedi, n'kumukhazika pa chigubu cha penti, amvekere, "Usayang'ane moto, wamva?" Kuuza mwana kuti asayang'ane n'chimodzimodzi kumulozera. Tsiku lina Tsabola anabwerera kwa mayi ake maso ali psuu, akulira kuti muli mchenga. Kuchipatala anamupatsa mankhwala odonthezera, maso anachira. Geti ndilo silinatsekukenso.

Loweruka lotsatira Mphezi anagogoda, malaya ositasita. Pakabowo ka loko panatulukira diso la mlamu wake, mchimwene wa mayi a mwana.

"Alamu, mwana kulibe."

"Nanga akuimbayo ndi wailesi?"

"Ndi wailesi."

"Wailesi yanu ikulakwitsa nyimbo ngati mwana wanga. Muiuze kuti bambo ake anabwera."

Sabata ina anamuuza kuti mwana ali ndi chimfine. Ina, wapita kwa anzake. Kenaka anasiya n'kunama komwe, ankangomusiya agogode. Iye ankafikabe pa nthawi yake, n'kutumiza uthenga pafoni kwa mayi a mwana: ndafika, ndili pageti. Yankho silinkabwera. Mauthengawo sankawafufuta.

Mnzake wopenta magalimoto, yemwe amagawana naye shedi, ndiye ankapsa mtima kuposa mwini nkhani.

"Aise, geti unapanga wekha likukanike? Mahinjesi aja ndi zala ziwiri basi."

"Chala chimodzi. Ndinawaika ndine."

"Nanga ukudikira chiyani? Apo ayi, kamutenge kusukulu. Apo ayi, tseka mpopi. Asaone ndi khobidi lomwe, aona okha kuti geti lili ndi kiyi."

"Khobidilo amadya ndi mlamu wanga kapena mwana wanga?" Mphezi anatsitsa magalasi akuda n'kuwakwezanso. "Akufuna ndizule geti kuti akauze khoti kuti ndine chilombo. Mphatso imeneyo sindiwapatsa. Ndilowera pakhomo, masana, anthu akuona."

Anayamba wapita kupolisi, pepala la chigamulo lili m'manja. Wapolisi analiwerenga n'kumubwezera. Anati iwo sathyola mageti pa nkhani za ana ngati mwanayo sali pangozi. Lamulo likaphwanyidwa, limabwerera komwe linachokera. Anamulozera kaye ku ofesi yoona za ana.

Kumeneko kunali mayi wina wa mawu otsika, wokhala pakati pa mafayilo ofika m'khosi. Anaitanitsa onse awiri kuti akambirane. Mayi a Tsabola, omwe amasoka zovala, anabwera ulusi uli pamalaya, ndipo sanakhale n'komwe bwino pampando.

"Mwana anangotsala pang'ono kuchita khungu. Ndimupereke kuti akamalize?"

"Ndinalakwa," anatero Mphezi. Mawuwo anatuluka ngati msomali wadzimbiri. "Koma munandilanga ndinu, ndipo simunanene kuti chilango chitha liti."

"Chidzatha mwana akadzakula."

"Akadzakula adzandipatsa moni wa mlendo."

Zokambirana zinathera pomwepo. Mphezi anakalemba dandaulo kukhoti lomwe lija, kupempha kuti lamulo lake litsatidwe. Tsiku la mlandu linachedwa, linasunthidwa, linachedwanso. Wopenta ankamuseka kuti malaya ositasita aja atha ndi mabenchi a khoti. Iye Loweruka likafika ankagogodabe.

Khoti linatuma mayi wa ofesi uja kuti akaone komwe mwana amakhala akatengedwa. Anafika kushedi Mphezi akudula chitsulo, moto ukuthetheka mpaka pansapato zake.

"Mwana amakhala pati?"

Mphezi analoza chigubu. Mayiyo anayang'ana chigubucho, n'kuyang'ana nthambo zamagetsi zili pansi. Anakacheza ndi Tsabola payekha, zomwe anakambirana Mphezi sanazimve.

Woweruza atawerenga lipoti ndi mauthenga apafoni aja, anayamba ndi mayi a mwana. Anati mantha awo ndi omveka, koma kholo likaona kuti mwana ali pachiopsezo limabwera kudzapempha kuti lamulo lisinthidwe, silitseka geti palokha. Anawachenjeza kuti akabwerezanso kudzakhala kunyoza khoti, ndipo kuli ndi chilango chake. Mphezi anayamba kuwongola khosi.

"Inunso bambo, musamwetulire. Mwana ali ndi ufulu woona bambo ake, osati makina a bambo ake."

Lamulo latsopano linati Loweruka libwerere, masiku otayika adzabwezedwe pa holide, mwana asapondenso kushedi, ndipo azikaperekedwa kunyumba kwa mayi ake aakulu, omwe mbali zonse zimawalemekeza.

Panja, wopenta anagwira mutu. "Wawina chiyani pamenepa? Ukatseka Loweruka udya chiyani, utsi?"

"Ndiwotcherera Lolemba mpaka Lachisanu. Wofuna geti la Loweruka akagule nsalu atchinge."

Loweruka loyamba, mayi aakulu anamutulutsa Tsabola atamugwira dzanja. Anali atatalika, mano awiri akutsogolo atamera ena. Anaima patali, manja kumbuyo, n'kuwayang'ana bambo akewo kuyambira kunsapato.

"Mwaonda."

"Iwe wakula."

"Munali kuti masiku onsewa?"

Yankho linali pamlomo, lakuthwa, lokhala ndi mayi ake mkati. Mphezi analimeza. Mlanduwo unali wa akuluakulu, ndipo unali utatha.

"Ndimakonza zoti ndizikutenga. Zinali zolimba kuposa chitsulo."

Foni inalira m'thumba. Anali mwini nyumba zalendi, kasitomala wake wamkulu: chitseko cha sitolo chagwa, abwere msangamsanga, mtengo anene yekha.

"Bwana, lero ayi."

"Ndiitana wina, ndipo sindidzakuitananso."

"Muitaneni. Akalephera mundipeza Lolemba."

Anazimitsa foni. Tsabola anali atasendera pafupi, akumvetsera ndi khutu lonse.

"Ndiye kushedi sitipita?"

"Sitipita."

"Nanga tichita chiyani tsiku lonse?"

Mphezi anakanda m'mutu. Miyezi yonse ija anamenyera tsikuli, koma zochita nalo anali asanaganizepo.

"Sindikudziwa, mayi. Iwe ukuti bwanji?"

"Poyamba mundigulire ayisikilimu. Zinazo ndikuuzani tikuyenda."

Anamukoka chala, nayamba kutsogolera.