Rauta Yathu ndi Batire ya Sola

Ku Area 23 tinazolowera kuti magetsi akangoyaka, aliyense azithamangira kusita ndi kutchaja asanazimenso. Masana ena rauta yogawa intaneti yomwe pulote yonse tinkadalira inaonetsa kuti pulogalamu yake yamkati yatsopano yatuluka. Mawa lake mchemwali wanga anali ndi mayeso a ntchito pa intaneti.

"Achimwene, dinani msanga kuti pulogalamu yatsopanoyo ilowe magetsi alipo!" anatero iye.

Chala chinandiyabwa, koma ndinayamba ndawerenga zimene opanga rautayo analemba. Akanangosintha maonekedwe, ndikanazisiya. Koma ankatseka mpata umene akuba akanalowera n'kumatilozera kumasamba achinyengo a pa intaneti. Kusinthako kunali koyenera. Komabe ndinkadziwa kuti magetsi akazima rauta ikulemba pulogalamuyo, ikhoza osadzukanso.

Ndinainyamula kupita nayo kwa amayi eni nyumba, n'kuilumikiza ku magetsi a batire yawo ya sola. Nditatsimikiza kuti pulogalamuyo ndi ya mtundu wa rauta yathu, ndinadina. Ndinakhala pansi n'kumayang'ana kanyali ka rautayo kakuphethira.

Ntchito ili pakati, wailesi ya aneba inangoti zii. Magetsi anazima. Kanyali ka rauta kanapitiriza kuphethira mpaka kanakhazikika, kusonyeza kuti pulogalamuyo yalowa bwinobwino. Mawa lake mchemwali wanga analemba mayeso ake.