Kalata yanga kwa Sisita wa ku Boma

Amalonda a nsomba ndiwo anayamba kusowa. Mlungu wathunthu sanafike kumudzi kwathu kufupi ndi Kavalamanja, anthu amene ankatsika ndi madengu ngakhale mvula ikugwa. Nsomba zathu za pende zinauma pathandala mpaka kuyamba kufumbutuka. Kenaka ndege ya nkhondo inadutsa masana, pansipansi, kutsata Zambezi ngati yataya kanthu m'madzi, ndipo mwana wanga wamkulu, wa zaka zinayi, anaikwezera dzanja. Ndinamukoka mwamphamvu mpaka analira. Kuchokera tsikulo makutu anga sanapumenso. Kudimba ndinkalima maso ali kutsidya, wamng'ono ali kumsana. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi, kuchotsa ana anga awiri m'mbali mwa mtsinjewo. Koma kumtunda ukadya chiyani, wopanda munda, wopanda m'bale?

Tsiku la sikelo ndinapita ku kiliniki ya ku Boma. Sisita amene ankayeza ana anali mayi wa ku Chipata, wamfupi, wolankhula mofulumira. Anzanga atapita ine ndinatsalira pabenchi, kumanga ndi kumasula chitenje.

"Iwe amake mwana, waiwala chiyani?" anandifunsa.

"Palibe, mayi. Ndimafuna kudziwa chabe, kodi munthu amayamba bwanji ntchito ya kuchipatala?"

Ndinayesa andiseka. Koma anathira tiyi m'makapu awiri nandikhazika pafupi. Anandifunsa sukulu, ndinati giredi seveni. Anandiuza mosabisa kuti unesi ufuna wa sekondale, koma chipatala si manesi okha: pali okolopa m'mawodi, ochapa nsalu, ophikira odwala. Anati zovala za wodwala chifuwa siziphatikizidwa ndi za ena, ndipo nsalu za magazi zimayamba kuviikidwa m'madzi ozizira, chifukwa otentha amaumitsa magaziwo. Anati wolemba anthu ntchito si iye, ndi a ku ofesi, ndipo iwo amafuna reji (chitupa cha boma cha unzika), pepala la sukulu ndi kalata ya munthu wokudziwa. Pomaliza anati, "Likabwera funso lina, kalata imandipeza." Ntchito sindinapemphe. Ndinangotsazika n'kubwerera kwathu.

Kwathu kuli mwambo. Munthu akakuchitira zabwino, m'mawa mwake umapita, kugwada, kuomba m'manja, kuthokoza za dzulo, ndi kanthu m'dzanja. Ukatero umabwerera osapempha china. Wopempha pa tsiku lothokoza timati wafufuta zikomo wake. Choncho nditang'amba pepala m'kope langa lakale, amuna anga anaima pakhomo ndi ukonde paphewa.

"Amake mwana, mukulembera boma kuti nkhondo ithe?"

"Ndikuthokoza Sisita. Ndipo ndimufunsa ngati pali malo."

"Aa! Zikomo ndi pempho m'thumba limodzi? Adzati anthu a kumtsinje ndi ng'ona, ukaipatsa chala imafuna mkono. Mutumizeni pende zitatu zazikulu, mukhale chete. Munthu wanzeru akaona nsomba amamva."

"Nanga nsomba ili ndi giredi seveni?"

Anaseka mpaka ukonde unagwa, koma sanavomere. Inenso mkati ndinkaopa kuti akunena zoona. Chimene chinandilimbitsa ndi chimene ndinaona ndili pabenchi paja. Pakhomo pa kiliniki panali mulu wa mphatso, nsomba zouma, masau, dzungu, zosiyidwa ndi azimayi othokoza, ndipo Sisita anafunsa wokolopa kuti zimenezi wabweretsa ndani, wokolopayo n'kungotambasula manja. Nsomba zanga zikanakagona pamulu womwewo. Ku ofesi sanganyamule pende kukaonetsa. Pepala angathe.

Ndinalemba katatu. Poyamba ndinathiramo zonse, ndege, mantha, ana kulira, koma ndinakumbukira kuti asilikali a pamsewu amatsegula makalata, ndipo Sisita sanandifunse za ndege. Ndinaing'amba. Yachiwiri inali zikomo yekhayekha, mizere isanu ndi iwiri, ndipo nditaiwerenga ndinaona kuti munthu angaipinde n'kumwetulira basi. Yachitatu ndimaikumbukira pafupifupi yonse:

"Mayi Sisita, ndine mayi uja wa ana awiri amene munamwa naye tiyi tsiku la sikelo. Zikomo chifukwa cha nthawi yanu. Sindinaiwale za madzi ozizira pa nsalu za magazi, ndayamba kale kutero kunyumba. Kwathu sitipempha pothokoza, choncho mundikhululukire. Ndifunsa ngati mukudziwa malo alionse ondiyenera, ochapa, okolopa kapena kukhichini, kwanuko kapena kwina. Ndili ndi reji ndi pepala la giredi seveni, ndipo akatekisi athu avomera kundilembera kalata. Ndimawerenga Chinyanja bwino, Chingerezi pang'ono. Ndingapite kulikonse kumene ndingakhale ndi ana anga. Ngati palibe, zikomo wanga akhalabe."

Ndinapatsa mnansi wanga amene ankapita ndi mwana wake ku jekeseni. Anaibisa m'khadi la sikelo. Nsomba sindinatumize, ndipo amuna anga anadya imodzi mwa zitatuzo akupukusa mutu.

Masabata awiri anadutsa. M'masiku amenewo tinamva mfuti kutsidya dzuwa lili pamutu, ndipo banja lina la pafupi nafe linanyamuka osatsazika. Ine ndinkangoti ndanyoza munthu wabwino, ndatseka khomo ndi dzanja langa. Bwato lililonse lochokera ku Boma ndinkalithamangira, madzi mpaka m'mawondo.

Yankho linabwera pa kapepala kolembera mankhwala. Sisita analemba kuti ku kiliniki kwawo kulibe malo, ndipo sakufuna kundinamiza. Koma ku chipatala cha mishoni, kumtunda, pa msewu wopita ku Lusaka, mayi wina wochapa wasiya ntchito, ndipo Sisitayo wauza mkulu wa manesi kumeneko za ine, namuonetsa kalata yanga. "Sindikulonjeza," analemba, "adzakuyesa poyamba. Pita Lolemba ndi mapepala ako. Ukanangothokoza sindikanadziwa kuti ungachoke kwanu."

Ndinawerengera amuna anga kawiri. Anakanda chidendene ndi nkhafi.

"Ndiye ng'ona yapeza mkono," anatero.

"Tiyeni tonse, atate ake mwana."

"Bwato ndilinyamule pamutu? Pitani inu. Mukakhazikika nditumizeni mawu. Koma akakubwezani?"

"Akandibweza ndidzachapira manesi kunyumba zawo. Ana awa kuno sabwerera."

Sindinadikire Lolemba. Loweruka m'mawa ndinakulunga reji, pepala la sukulu, kalata ya akatekisi ndi kapepala ka Sisita mu pulasitiki ya shuga, n'kuzimangirira m'chiuno. Ufa pang'ono, poto, bulangeti limodzi. Amuna anga anatipalasa mpaka ku Boma, akutsata gombe lathu, osayandikira pakati pa mtsinje. Pamsika tinapeza lole ya nsomba yopita kumtunda. Ndinakweza wamkulu pamwamba pa madengu, ndinakwera ndi wamng'ono kumsana, ndipo ndinawakhazika onse awiri pakati pa miyendo yanga, kumbuyo kwa dalaivala, kumene fumbi ndi dzuwa sizinkafika kwambiri. Wamkulu anafunsa ngati kumene tikupita kuli mtsinje wosambamo. Ndinati kuli mpopi, ndipo ndidzakusambitsa ndekha.