Mafomu Awiri a Ngozi Imodzi

Pikapu ija tinagula awiri, ine ndi achimwene anga aakulu, patatha zaka zisanu chichokereni ku Mangochi kudzatsegula sitolo ya nsalu ku Zolozolo. Ine ndinkakhala m'sitolo, iwo ankayendetsa galimoto ndi kusunga mapepala. Za inshulansi ndinkangodziwa kuti timalipira chaka ndi chaka, ndipo ndinkaganiza kuti tsiku la tsoka kampaniyo idzakonza zonse.

Tsokalo linabwera m'chaka cha referendamu, mvula ili pafupi kutha. Achimwene ankakatula katundu ku Masasa m'mawa, msewu uli matope okhaokha. Potsika kamtunda galimoto inaterereka, inazungulira, kumbuyo kunamenya khoma la shedi ya mmisiri wa matabwa, kenaka kutsogolo kunakagunda mtengo wa paini. Iwo anatuluka bwinobwino, atangotupa bondo.

Tsiku lomwelo anakalemba fomu ku ofesi ya inshulansi m'tauni, koma analembapo za kutsogolo kokha, poti ndi komwe kunaphwanyika moonekera. Patatha sabata, a ku galaja atakweza galimoto anapeza kuti kumbuyo nako chitsulo cha pansi chapindika. Achimwene anakatenga fomu ina, ndipo pamalo pofunsa tsiku la ngozi analemba tsiku lomwe ankalembalo.

Kalata ya kampani itabwera ndinaiwerenga kawiri osaimvetsa. Kukonza kutsogolo kunali K5,000, kumbuyo K2,500, koma kampani inati ipereka K3,500 yokha. Ndinatseka sitolo masana ndi kupita ndekha ku ofesiko.

Ndinapeza mayi wina wa magalasi, wolankhula Chichewa chomveka Chitumbuka. Anandikhazika pansi, natulutsa pepala la mgwirizano wathu, naloza mzere wolembedwa ekisesi. Anandifotokozera kuti imeneyi ndi mbali ya mtengo wokonzera yomwe mwini galimoto amasenza yekha pa ngozi iliyonse, kampani n'kulipira zotsalazo. Yathu inali K2,000. Anati kukanakhala kuti chowonongeka n'chosafika ndalama imeneyo sitikanalandira kanthu n'komwe. Anandiuzanso chomwe sindinkadziwa, kuti achimwene anasankha okha ekisesi yokwera kuti ndalama yolipira pachaka itsike.

Ndinawerengera pa zala ndi kumuuza kuti ngakhale atero, tinayenera kulandira K5,500.

"Amama, pano pali mafomu awiri ndi masiku awiri," anatero. "Kulikulu akuona ngozi ziwiri, ndiye achotsa kawiri."

Ndinamuuza kuti ngozi inali imodzi. Anayankha mofatsa kuti iye akundikhulupirira, koma akulikulu amaona mapepala, sandiona ine. Lipoti la apolisi linangonena za mtengo wa paini, za khoma munalibe. Anati ndikapeza mboni yolemba ndi kusainira kuti inaona kumenya konse kuwiri m'mawa womwewo, pamodzi ndi kalata ya a ku galaja, atumiza kuti akaonenso.

Madzulo ndinawafunsa achimwene chifukwa chomwe sanandiuze za ekisesi. Anati anaona ngati akupulumutsa ndalama za tonse, ndipo zaka zitatu zinadutsadi popanda ngozi. Anati tilandire zomwe apereka, munthu sulimbana ndi kampani. Ndinawauza kuti K2,000 yoyambayo ndi yathu, tinavomera, tiisenza. Yachiwiriyo sindinavomere kwa munthu aliyense.

Kalata ya ku galaja sinavute. Mwini wake analemba kuti kupindika kwa kumbuyo kunali kwatsopano, kopanda dzimbiri, ndiponso kuti galimoto sinachoke pa galaja chiibweretsereni tsiku la ngozi. Chinatsala ndi mmisiri uja.

Anali bambo wachikulire, wamfupi, wa pensulo kukhutu. Nditamupatsa moni wa kwawo, wa Chitumbuka, anandilandira bwino, nandionetsa pomwe khoma linagumuka, njerwa zatsopano zikuonekera. Achimwene anali atamulipira kale za khomalo. Anakumbukira zonse, ngakhale mmene galimoto inazungulirira. Koma nditangotulutsa pepala ndi cholembera, anabweza manja kumbuyo.

"Yayi, amama. Pakamwa ndinena kulikonse, koma dzina langa silikhala pa pepala."

Sindinamukakamize. Mkazi wake pondiperekeza anandinong'oneza kuti mng'ono wa bamboyo anasainirapo kalata ina ya aphunzitsi zaka za m'mbuyomo, anatengedwa ndi apolisi, nabwerako patatha zaka ali wodwala. Masiku amenewo anthu ankalankhula za nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, m'mabasi poyera, koma ambiri mantha anali asanawachoke.

Ndinabwerera patatha masiku anayi. Ulendo uno sindinatenge pepala. Ndinaoda mashelefu awiri a m'sitolo, omwe ndinkawafunadi, ndipo tinakhala pa benchi iye akupala thabwa. Ndinamufotokozera nkhani yonse mmene mayi wa ku ofesi anandifotokozera. Iye anaimvetsa msanga kuposa ine. Anati zikufanana ndi kulipiritsa munthu ulendo kawiri chifukwa mipando anaitsitsa m'ngolo kawiri. Koma za kusaina anati ndimupatse nthawi.

Nthawiyo inali yodula kwa ife. Galimoto inangokhala pa galaja, chifukwa mwini wake sakanayamba ntchito tisanagwirizane za malipiro. Mabelo a nsalu ndinkawatenga pa basi, kuchoka ku depoti n'kumalipira a mawilibala. Achimwene anandiuza kangapo kuti zomwe tikutaya podikira zidzaposa zomwe ndikulimbira. Mwina ankanena zoona. Ndinkawayankha kuti adikire sabata ina imodzi.

Ulendo wachitatu ndinapita kukatenga mashelefu, voti ya referendamu itadutsa. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti tipitire limodzi ku ofesi akaone yekha komwe pepalalo likupita. Anavala jekete, tinayenda wapansi mpaka m'tauni.

Mayi wa magalasi anamulankhula m'Chitumbuka. Anamuonetsa fayilo yathu, namuuza kuti pepalalo silipita ku boma kapena ku chipani, likathera mu kabati ya kampani. Bamboyo anafunsa ngati angalembe m'mawu akeake, osati kusainira zolemba wina. Anamulola. Analemba mizere isanu ndi umodzi, pang'onopang'ono, akukanikiza cholembera mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Anawerenga mokweza, nasaina. Ndinamuthokoza kuti yewo chomene, adada. Iye anangogwedeza mutu n'kufunsa ngati mashelefu ndawakonda.

Achimwene nawonso analemba kalata yovomera kuti analakwitsa tsiku pa fomu yachiwiri. Inawavuta kulemba kuposa mmene ndinkaganizira, anang'amba mapepala awiri.

Yankho linatenga masabata atatu. Kampani inaphatikiza mafomu awiri aja kukhala ngozi imodzi, inachotsa ekisesi kamodzi, ndipo inalipira galaja K5,500. Ife tinapereka K2,000 yathu, theka ine, theka achimwene. Pokatenga galimoto ndinapeza kuti penti ya kutsogolo yasiyana pang'ono ndi ya zitseko, koma injini inalira bwino.

Nthawi yolipiranso inshulansi itakwana, tinapita tonse awiri. Ndinapempha kuti atiuze mtengo wa pachaka ekisesi ikakhala yokwera ndiponso ikakhala yotsika. Tinakangana pomwepo pa kauntala, achimwene akufuna yakale, ine ndikunena kuti misewu ya ku Masasa siisintha chifukwa boma likusintha. Tinagwirizana pa ekisesi ya K1,000, ndalama ya pachaka n'kukwerako pang'ono. Pa mzere wosainira panali malo a munthu mmodzi, ndiye ndinapempha kuti awonjezere wina pansi pake.