Dzina langa linathera pa mwana wa malume

Zaka khumi ndi ziwiri ndinali nditagwira ntchito pa kampani yogula fodya ku Mandimba, kusankha masamba, osajomba ngakhale tsiku limodzi. Dzina langa linkalemera. Mnzanga wina wa ku Ngauma anayamba wandipempha, ndinavomera, ananditchula m'kalata yake yofunsira ntchito, ndipo anamuitana sabata yomweyo. Ndinkadziwa manja ake, tinalimapo limodzi. Dzina limenelo ndinkasungira mwana wanga wamkazi, amene ankaphunzira ku Cuamba.

Ndiye kunabwera mwana wa malume wa ku Massangulo. Iyeyo sanandipemphe, ayi ndithu! Anangolemba kuti ndine ndamutuma, n'kuwonjezera bodza loti tinagwirapo ntchito limodzi. Ine ndinazimvera mu ofesi, shefi, bwana wathu, atanyamula kalatayo.

"Bambo, munthu uyu mukumuikira umboni?"

Ndinkadziwa bwino kuti mnyamatayo chilichonse amasiyira panjira, munda, sukulu, ngakhale banja. Koma malume ndi amene anatinyamula pothawira ku Malawi nthawi ya nkhondo. Ndikanawayang'ana bwanji pamaliro? Ndinati, "Inde, ndi wanga." Shefi sanafunsenso za mapepala ake. Anamulemba chifukwa cha ine.

Anagwira milungu isanu. Fodya atafika pachimake, alimi ali pamzere padzuwa, iye anazimiririka osatsanzika. Tinamva kuti akugulitsa nsomba zouma ku Amaramba. Chitsiru chenicheni! Mpaka lero ndikamuona ndimayang'ana kumbali.

Shefi sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangoti, "Uja munati ndi wanu uja," n'kupitiriza kulemba. Kuchokera tsiku limenelo sanandifunsenso za munthu aliyense. Mayi wina wakhama, woyandikana nafe nyumba, ananditchula chaka chotsatira, ine nditamulola. Kalata yake sinayankhidwe, ndipo kalaliki anandinong'oneza kuti ndisamavutitse anthu ndi dzina langa.

Mwana wanga atamaliza maphunziro, pakampanipo panapezeka malo a ukalaliki. Anatsika shapa, minibasi ya kwathu kuno, ndi chimwemwe, kalata ili m'manja, atasiya mzere umodzi wopanda kanthu.

"Bambo, apa ndilemba kuti ndinu mwandiuza za ntchitoyi. Ndilembe zaka zingati, khumi ndi zinayi?"

Ndinachita manyazi oopsa. Ndinayang'ana pansi ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa.

"Usanditchule," ndinatero.

Anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala zanga za masiku onse. Ataona nkhope yanga anasiya.

"Nanga akandifunsa ngati ndili ndi wachibale pano?"

"Usaname. Unene kuti bambo ako amasankha fodya kuseli, koma sanakutume."

Anaika cholembera patebulo. Kenako anang'amba pepala lina m'kope n'kuyamba kalatayo kachiwiri, mzere uja mulibe. Ine ndinamugwirira tebulo kuti lisagwedezeke.