Chaka Chimene Tinakonza Paipi ku Freedom Park

Mpaka lero ndikamva fungo la dothi lonyowa mvula isanagwe, ndimachita manyazi ndekhandekha. Fungo limenelo linandipeza m'mawa wina wa mwezi wa Julaye, kuseri kwa zisakasa zamalata za ku Freedom Park, zimene kumeneko timazitcha mikhukhu. Inali nyengo yozizira, udzu wonse utauma, dothi lakuda lamakande litang'ambika ming'alu yolowa phazi la mwana. Koma pamalo amodzi, m'mbali mwa njira yodutsa magalimoto, panali kaudzu kobiriwira ndi madzi akubwibwita pansi. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinali nditangodziphunzitsa kuwerenga pa nyuzipepala zomata m'makoma a nyumba yathu ndi m'mabuku a achemwali anga. M'buku lina munali chithunzi cha kasupe. Ndiye ndinathamanga m'mikhukhu monse ndikufuula kuti ndatulukira kasupe, ndipo pofuna kuti anthu akhulupirire ndinagwada n'kumwa. Ine katswiri wa mabuku uja ndinatsegula m'mimba sabata yonse.

Achemwali anga Asiyatu, amene anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, sanaseke nawo. Anangondipukuta matope pakamwa ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti, "Kasupe wako ndi amene akundichedwetsa kusukulu, Yusufu. Ndi paipi iyo."

Tinali titabwera ku Joni kuchokera ku Mangochi kutsatira abambo, amene ankagwira ntchito ya kontilakiti kumgodi. Mbali yathu yonse inkamwa pa mpopi umodzi. Madzi ake ankabwera m'paipi yakuda yapulasitiki imene anthu oyamba kumanga pamenepo anakwirira okha kuchokera ku paipi yaikulu ya kumsewu. Anaikwirira pamwamba kwambiri, ndipo palibe ofesi imene inkaidziwa. Ikawonongeka panalibe kokadandaula, ndipo ife Amalawi, ndi mapepala athu osalongosoka, tinali omaliza kufuna kukaonekera pa ofesi iliyonse.

Ntchito ya madzi kwathu inali ya Asiyatu. Ankadzuka kusanayere bwino, chisanu chili mbuu pamalata, n'kutenga chigubu ndi nkhata ya nsanza. Pobwera khosi lake linkachita kunjenjemera, madzi akumudonthera kumsana, zala zitauma gwa. Kale ankatunga zigubu zokwanira n'kuvala yunifolomu nthawi ikadalipo. Koma m'nyengo imeneyo mpopi unayamba kufooka. Madzi amene ankatuluka ndi mkokomo anasanduka kamzere kowonda ngati ulusi, ndipo mzere wa zigubu unkafika mpaka pa shopu ya palafini. Asiyatu ankafika kusukulu anzake atapuma kale, masiku ena osapita n'komwe. Aphunzitsi anamuuza kuti ana ofuna malo ndi ambiri, akapitiriza choncho desiki yake aipereka kwa wina.

"Paipi ikakonzeka uzipita m'mawa ngati anzako," ankatero amayi, akutsuka mbale ndi madzi otsukira mpunga. Asiyatu anawagwira mawu amenewo ndi manja awiri.

Pakhomo loyang'anana ndi lathu pankakhala Che Bwanali, tchona wakalekale wa kwathu komwe, amene anakalambira pansi pa mgodi akulumikiza mapaipi. Chifuwa chinali chitawatha, ndipo ankakhala padzuwa atafunda bulangete. Asiyatu ankawatungira kandowa tsiku lililonse, ndipo potula ankangowaumiriza za paipi mpaka mkuluyo anatopa naye. Loweruka lina anaitana amuna a mbali yathu, Atswana, Axhosa, a ku Mozambiki ndi ife, aliyense ndi fosholo kapena piki.

Anakumba pa kasupe wanga paja, n'kupeza paipi ili bwinobwino. Che Bwanali anati madzi satulukira pamene paipi yaphulika, amatsata ngalande imene inakwiriridwa n'kukatumphukira potsika, ndiye bala lili chakumtunda. Koma kumtunda kunali kutali, ndipo amuna anayamba kuyang'ana dzuwa. Apo Asiyatu ananena mwamanyazi kuti pali malo amene akadutsa ndi chigubu pamutu phazi limamira pang'ono, ndipo ming'alu ya dothi pamenepo ndi yotsekeka pamene paliponse ndi yoyasama. Panali pamene paipi imadutsa kunsi kwa njira ya magalimoto. Atakumba m'mbali mwake, Che Bwanali akukalipa kuti piki isayandikire, madzi anathovoka mpaka kumaso. Paipi inali itang'ambika motsata utali wake, mng'alu wotalika ngati chikhatho, pamene matayala ankaikanikizira pa mwala wosongoka.

Tsiku limenelo anangoikulunga ndi mphira wa chubu cha galimoto, kukoka kwambiri, n'kumanga ndi waya. Che Bwanali anapukusa mutu, koma china chogwiritsa ntchito panalibe. Mpopi unalimba masiku ochepa, ndipo Asiyatu anachapa yunifolomu yake akuyimba. Kenako mphira uja unagonja. Anthu akagona n'kusiya kutunga, mphamvu ya madzi m'paipi imakwera, ndiye inakankha mphira n'kutalikitsa mng'alu. Choipa china, madzi akasiya kubwera kuchokera kumsewu, paipi inkayamwa matope a m'dzenjemo, ndipo pobwera ankatuluka ofiirira, onunkha dzimbiri ndi zimbudzi. Makanda awiri a mbali yathu anadwala kwambiri. Amuna anati iwo ayesa, atopa. Masiku amenewo Asiyatu ankangokhala pa chigubu chopanda kanthu pamzere, akumva belu la sukulu likulira kutali.

Sanaleke. Anayenda khomo ndi khomo ndi Che Bwanali, iye akumasulira m'Chitswana chimene anachitola kumpopi, mpaka zipangizo zinapezeka: chidutswa cha paipi yatsopano yofanana kukula, majoini awiri apulasitiki okhala ndi mizere ngati mano, zomangira zachitsulo zothina ndi sikuluu, ndi chipaipi chachitsulo chakutha chimene wina anatola kotaya zinthu.

Tsiku lokonza ndimalikumbuka bwino chifukwa anandipatsa udindo woyang'anira primasi, kachitofu kathu ka palafini, ndipo ndinapsa nsidze. Anayamba ndi kutuma munthu kumsewu kukatseka valuvu, chotsekera madzi. "Vala!" anafuula Che Bwanali m'chilankhulo cha kumgodi, kutanthauza kuti atseke, mawuwo n'kumapatsirana mpaka kumsewu. Anatsegula mpopi kuti madzi otsala atuluke. Anakulitsa dzenje, n'kukumba kadzenje kena kozama pambali kuti matope azitsikira kumeneko, ndipo Asiyatu analowamo mpaka m'mawondo, akukapa ndi chitini kuti paipi ikhale pamwamba pa madzi akuda. Mkuluyo anadula ndi sowo mbali zonse ziwiri, patali ndi mng'alu, chifukwa mng'alu umapitirira pamene maso sakuona. Anadula mowongoka, n'kupala m'mphepete ndi mpeni, ndipo Asiyatu anatseka kukamwa kwa mapaipi ndi mapulasitiki a buledi kuti dothi lisalowe.

Mnyamata wina anafuna kufewetsa paipi ndi moto wa nyuzipepala. Che Bwanali anamumenya dzanja. "Iwe, ukuwotcha chimanga? Moto umaiphikitsa, mawa ithetheka. Bweretsani madzi otentha!" Asiyatu ananyamula poto kuchoka pa primasi yanga n'kumathira pang'onopang'ono pa nsonga ya paipi mpaka inafewa. Chomangira chinalowa poyamba, kenako joini, mkuluyo akuigogoda ndi thabwa mpaka inafika pakati. Chidutswa chatsopano anachilowetsa kaye m'chipaipi chachitsulo chija kuti matayala azipondera chitsulo, n'kulumikiza mbali inayo chimodzimodzi. Manja a Che Bwanali ankanjenjemera, ndiye masikuluu anathina ndi Asiyatu, atagona chamimba m'matope, mkuluyo akumuuza poleka kuti asadule paipi.

"Vula! Pang'onopang'ono!" Uku kunali kunena kuti atsegule, ndipo valuvu anaitsegula mosamala, mpopi uli chitsegulire. Unatsokomola, unalavula mphepo ndi matope, kenako madzi oyera anawomba pansi mpaka azimayi anadumpha n'kuyamba nthungululu. Che Bwanali sanalole kukwirira msanga. Anapukuta majoini ndi nsanza youma n'kudikira, kenako anauza Asiyatu kuti apisepo chala. Panali pouma. Anachotsa mwala uja, anathira mchenga pansi ndi pamwamba pa paipi, dothi n'kubwera pambuyo. Madzulo amenewo Asiyatu anasita yunifolomu ndi poto wamakala, n'kuipachika pa msomali pamwamba pa mphasa yathu.

Anapita kusukulu masabata angapo, akufika belu lisanalire. Kenako kontilakiti ya abambo inatha, ndipo ina sinapezeke. Ankapita pa geti la mgodi m'mawa uliwonse n'kubwera masana ndi fumbi lokha. Apo amayi anaona chimene aliyense akanaona: mpopi unali ndi madzi ambiri tsopano, ndipo m'mikhukhu munadzaza amuna opanda akazi, okhala ndi maovololo olimba ndi matope a mgodi. Pamene madzi ankadontha ngati ulusi palibe akanaganiza zochapira anthu. Tsopano zinatheka, ndipo amayi anayamba kuchapa maovololo awalipire. Ovololo imodzi inkafuna kunyika, kuchapa ndi kutsukuluza kangapo madzi asanayere, ndipo bafa la amayi linkameza zigubu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, wotunga ali Asiyatu.

"Sabata ino yokha, mwanangu," anatero amayi, osamuyang'ana kumaso. Asiyatu anayankha kuti chabwino. Sabata ija inabala inzake, mvula inabwera, makande anasanduka phala lomata kumapazi, ndipo iye ankangoyenda njira yomweyo, kupita ndi kubwera, khosi litaumirira. Desiki yake aphunzitsi anaipereka kwa wina. Chaka chotsatira amene anayamba sukulu ndinali ine, ndi nsapato zogula ndi ndalama za maovololo.

Ine nthawi imeneyo ndinkangonyada. Ndinkauza aliyense kuti paipi anakonza ndi achemwali anga, ndipo ndinkaona kuti kwathu zinthu zayenda, popeza tinkadya kawiri ndipo pakhomo pankanunkhira sopo. Ndakula ndisanapeze munthu womuimba mlandu. Amayi akanapanda kuchapa tikanagona ndi njala, ndipo paipi ikanapanda kukonzedwa makanda ena akanafa. Chimene ndimadziwa tsopano n'chakuti Asiyatu anakumba, anakapa matope, anathina masikuluu aja akuganiza kuti akudzitsegulira njira ya kusukulu.

Tsiku lina masana ndinakhala pafupi ndi Che Bwanali padzuwa, ndikuwakumbutsa mmene madzi anawombera tsiku lija. Asiyatu anadutsa patsogolo pathu ndi chigubu pamutu, anawapatsa moni osatembenuza khosi, n'kupitirira. Mkuluyo anamuperekeza ndi maso mpaka anakhota. Anatsokomola nthawi yaitali, n'kukoka bulangete.

"Ndalumikiza mapaipi moyo wanga wonse, Yusufu, ndipo joini yabwino ngati ija sindinapangepo," anatero. "Ndikanadziwa, ndikanaisiya izidontha."